Kombi Yopita ku Chiliza cha Amalume

Amalume anga anagona pa famu ina kuseri kwa Marondera, kumene anagwira ntchito ya fodya kuyambira ali mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Dedza. Manda awo anakhala zaka zambiri opanda chiliza. Chaka chimene ana awo anakwanitsa kugula mwala, uthenga unafika kwa tonse kuti tikapezeke pa mwambo wouvundukula. Wochotsa nsalu pamwalapo anayenera kukhala mayi anga, chifukwa mwa onse obadwa mimba imodzi ndi amalume anali atatsala okha.

Banja lathu linamwazikana mu Harare. Mayi amakhala ku Budiriro ndi achimwene anga. Ine ndimakhala ku Glen View, komwe ndimasoka nsalu zokutira masofa pafupi ndi pamene amisiri amakhomera mipando panja. Ana a amalume anakapeza malo ku Caledonia, tsidya lina la mzinda, mbali yomweyo yopita ku Marondera. Mayi nthawi imeneyo mawondo anali atayamba kale kuwakana, moti za kutsika kombi iyi n'kukwera ina m'tauni, maminibasi a kuno aja, sizikanatheka. Tinagwirizana zochita hayala kombi imodzi, iyambire ku Budiriro, idzere kwathu, ikatenge a ku Caledonia, kenako ulendo wa kufamu.

Amene anadzipereka kupeza kombiyo ndi alamu anga, mwamuna wa msuweni wanga wamkulu. Ndi munthu wochenjera pakamwa, wogulitsa njerwa ndi mchenga ku Caledonia komweko, ndipo ukamalankhula naye amayang'ana foni, osati iwe. Sanachedwe. Analemba pa gulu lathu la pafoni kuti kombi yapezeka, mtengo wake madola 160 kupita ndi kubwerera. Opita tinalipo khumi ndi asanu ndi mmodzi: anayi a ku Budiriro, anayi a ku Glen View, asanu ndi atatu a ku Caledonia. Aliyense anadziwerengera yekha mumtima kuti ndi madola khumi pa munthu, ndipo ine ndinayamba kupatula angawo.

Patapita masiku angapo alamu analembanso. Anati kugawana mofanana si chilungamo, chifukwa ena akwera mtunda wautali, ena waufupi. Anali atayeza msewu pa mapu a mufoni. Ulendo wonse, anatero, ndi makilomita pafupifupi 100: asanu kuchoka ku Budiriro kufika ku Glen View, 35 kuchoka kwathu kudutsa tauni mpaka ku Caledonia, 60 otsalawo mpaka kufamu. Ndalama ija anaidula motsata makilomitawo, madola 8, madola 56 ndi madola 96, ndipo chigawo chilichonse anati alipire okhawo amene ali m'kombimo pa nthawiyo. Choyamba muli anthu anayi, ndiye awiri awiri. Chachiwiri muli asanu ndi atatu, ndiye asanu ndi awiri pa munthu. Chomaliza tilimo tonse, asanu ndi limodzi pa munthu. Mapeto ake, wa ku Budiriro apereke madola 15, wa ku Glen View 13, wa ku Caledonia 6.

Ndinawerenga uthengawo ndili pa makina osokera, n'kusiya kupalasa. Ndinaphatikiza manambalawo kawiri pofuna kupeza pamene wabera. Sindinapapeze. Zonse zinkakwana 160 bwinobwino, ndipo chimenecho ndiye chinandivutitsa kwambiri. Munthu amene wapeza galimoto ndi yemweyo amene wauzidwa mtengo popanda mboni, ndi yemweyonso amene wabweretsa masamu otsitsa nyumba yake kuchoka pa khumi kufika pa sikisi. Ndipo wolipira kwambiri pa tonse akhale mayi anga, amene amadya ndalama ya penshoni ya malemu bambo yosakwana n'komwe mankhwala a mawondo.

Amuna anga anati ndisafulumire.

"Ukakwera basi yopita ku Mutare, wokwerera panjira pa Ruwa salipira ngati woyambira pa depoti ya ku Mbare," anatero. "Mwina akunena zoona."

"Basi ija ndi ya eni ake," ndinayankha. "Iyi taigula tonse tsiku lathunthu."

Koma ndinadziwa kuti ndikangolankhula pa gulu popanda mfundo, adzati mkazi wa ku Glen View ndi woumira. Ndinapempha nambala ya dalaivala. Alamu anachedwa nayo, ndipo atanditumizira anawonjezera kuti, "Koma zonse ndalankhula naye kale, alamu, musamusokoneze." Ndinaimba ndithu. Dalaivalayo anayankha m'Chishona, mwaulemu wake, koma nditafunsa za mtengo anangoti ndifunse amene anapangana naye. Nditafunsa kuti kombiyo imagona kuti, anaseka pang'ono n'kunena kuti netiweki ikuvuta.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Budiriro kukaona mayi. Madzi kunalibe monga mwa nthawi zonse, ndiye ndinatenga zigubu n'kuperekeza akazi a achimwene ku mjigo. Tili pamzere ndinawafotokozera za dalaivala wokana kuyankha uja. Iwo anandifunsa mtundu wa kombiyo, ndipo ndinawaonetsa chithunzi chimene alamu anaika pa gulu.

"Imeneyi?" anatero. "Imeneyi imagona kuseri kwa mashopu athuwa. Mwini wakeyo mkazi wake ndi mphwake wa alamu anu aja. Simunadziwe?"

Sindinadziwe. Palibe amene anatiuza.

Pobwerera kunyumba, chigubu chili pamutu, mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Za chibalezo ndinaziika pambali kaye, popeza kuchita hayala galimoto ya wachibale si mlandu. Chimene chinandigwira ndi chakuti kombiyo imagona ku Budiriro. Ndiye kuti ngakhale ife asanu ndi atatu titapanda kukwera, iyenera kudutsabe tauni yonse kuti ikafike ku Caledonia, ndipo madzulo iyenera kubwereranso. Msewu umene alamu ankati ndi wathu tokha unali msewu womwewo wowabweretsera iwo galimoto pakhomo.

Ndinaganiza zowayesa. Ndinalemba pa gulu kuti ife a ku Glen View ndi ku Budiriro taganiza zodziyendera tokha mpaka ku Caledonia, tikakwerere komweko, ndiye atiuze mtengo watsopano. Mayi sindinawauze, chifukwa sindinkafuna kuchitadi zimenezo. Uthengawo anauwerenga nthawi yomweyo, koma yankho linabwera mawa lake. Mtengo, anati, susintha. Dalaivala akuti mafuta ndi omwewo.

"Ndiye tikakwerera tonse ku Caledonia," ndinalemba, "aliyense apereka khumi. Si choncho?"

Kenako msuweni wanga, mkazi wa alamuwo, anandiimbira. Ine ndi iyeyo tinakula tikutukwanizana mwa chisuweni, koma tsiku limenelo munalibe nthabwala m'mawu ake. Anati nkhani za ndalama sizikambidwa pafoni, abwera kwathu Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Anabweradi awiriwo, ndipo achimwene anabwera kuimira a ku Budiriro. Tinakhala pakhonde. Alamu anakana tiyi.

Ndinayala mfundo yanga. Ndinati sikisi wawoyo akudalira kuti ife tikhale m'kombimo podutsa tauni. Tikatsika ife, iwo akwera pa khumi. Ndiye sangatiuze kuti msewu wa m'tauniwo suwakhudza.

Alamu anaika foni pansi, zimene sachita kawirikawiri.

"Alamu," anatero, "mukuganiza kuti ku Mabvuku kulibe makombi? Pafupi ndi kwathu pompo. Ndikanatenga ya kumeneko, madola 100 akanakwana, ifeyo tikanalipira sikisi yemweyo ndi kakobiri pamwamba. Inuyo mukanadziona nokha mmene mungafikire. Ndatenga ya ku Budiriro chifukwa cha miyendo ya amayi. Lero mukundiyesa wakuba?"

"Palibe watchula kuba," anatero achimwene.

"Nanga chifukwa cha mphwanu uja simunaitengere?" ndinafunsa.

Msuweni wanga anayang'ana mwamuna wake. Ndinaona kuti funsolo sanaliyembekezere, koma sindinathe kudziwa ngati chinamudabwitsa ndi chibalecho kapena kuti ine ndachidziwa. Alamu anati inde ndi wachibale, n'chifukwa chake anatichotsera mtengo, munthu wina akanatchula 200. Zimenezo panalibe wozitsimikiza. Koma mfundo yawo ya ku Mabvuku inali yolimba, ndipo ndinaimva kulemera kwake. Iwo analidi ndi njira ina yotchipa. Ife tinalibe, chifukwa cha mayi.

Tinakangana mpaka mthunzi unasuntha pakhonde. Amene anamasula mfundo ndi achimwene, munthu wosakonda phokoso, amene ankangofuna kuti azipita kwawo. Anati madola 96 a msewu wa kufamu palibe akuwatsutsa, sikisi pa munthu. Otsutsanawo ndi 64 a kudutsa tauni. Msewu umenewo ukugwira ntchito ziwiri, kunyamula ife ndi kufikitsa galimoto kwa iwo, ndiye audule pakati. Theka loyamba, madola 32, tigawane tonse khumi ndi asanu ndi mmodzi, awiri awiri, ngati mtengo wobweretsa kombi. Theka linalo tilipire ife asanu ndi atatu okwera m'taunimo, anayi anayi. Za kusiyana kwa Budiriro ndi Glen View anati tiziiwale, ndi mtunda woti munthu amayenda pansi, komanso tingayambe kufuna chenji chimene mu Harare muno sichipezeka. Choncho ife tonse madola 12, a ku Caledonia 8.

Ine zinandikweza pang'ono poyerekeza ndi khumi uja, koma mayi anatsika kuchoka pa 15. Ndinavomera. Alamu anawerengera pafoni, n'kupeza kuti zikukwana 160, ndipo anavomera ndi nkhope ya munthu amene wamwa mankhwala owawa. Tinapangananso kuti amene walembetsa dzina mpando ndi wake, abwere asabwere. Ndalama za mbali yathu ndinasonkhanitsa ine, madola 96, ndipo ndinakana kuzipereka kwa alamu. Ndinati ndidzapatsa dalaivala m'manja mwake, anthu akuona.

Tsiku la ulendo kombi inafika kwathu m'mawa, mayi ali kale pampando wakutsogolo, nsalu yawo yatsopano ili pamiyendo. Tinakweza mapoto, ufa ndi nkhuku zophedwa kale. Ndinapereka ndalama zija kwa dalaivala ndisanakhale pansi. Anaziwerenga, n'kuziika m'thumba la malaya.

Ku Caledonia tinalowa mumsewu wafumbi wa maenje okhaokha, kombi ikupendama uku ndi uku. Pakhomo pa alamu panali anthu asanu ndi mmodzi.

"Awiri ena ali kuti?" ndinafunsa.

"Achimwene anga aang'ono ndi akazi awo aitanidwa kuntchito," anatero alamu. "Musadandaule, ndakonza."

Sananene chimene akonza. Titabwerera pa msewu waukulu n'kufika pa Ruwa, anagogoda denga kuti kombi iime. Panali amayi awiri pansi pa mtengo, mmodzi atanyamula ndowa yovindikira. Sindinawadziwe. Msuweni wanga anati ndi ana a mnzawo wa amalume amene ankagwira naye ntchito kufamu, nawonso akufuna kukaona manda a makolo awo. Anakwera, tinapatsana moni. Pokhala pansi, wamkuluyo anapatsira alamu kanthu kopindapinda, ndipo alamu anakalowetsa m'thumba la thalauza osakatambasula. Ndinatsina amuna anga. Iwo anayang'ana kunja pa zenera.

Mwambo unayenda bwino, ndipo sindikufuna kuti nkhani ya kombi iphimbe zimenezo. Manda a antchito ali kumapeto kwa munda, pansi pa mitengo ya bulugamu. Ambiri mwa iwo ndi milu chabe ya dothi imene ikutitimira. Mayi anayenda pang'onopang'ono atatsamira achimwene, n'kugwira nsalu yoyera ija, ndipo asanaichotse analankhula ndi mlongo wawo ngati ali moyo. Anamuuza amene abwera ndi amene anatsogola. Tinaimba nyimbo za kwathu zimene ana athu sazidziwanso mawu ake. Ndinalira, msuweni wanga analira, tinagwirana manja.

Titadya, dzuwa litapendeka, dalaivala anaima pa chitseko cha kombi n'kunena kuti sanyamuka ndalama yake isanakwane. Anali atalandira 96 yanga ndi 58 ya alamu. Panatsala madola asanu ndi limodzi.

Alamu anafotokoza mokweza kuti onse amve. Anthu asanu ndi mmodzi a ku Caledonia apereka 8 aliyense, ndiye 48. Amayi awiri a pa Ruwa akwera mtunda waufupi, makilomita 50 mwa 60 aja, ndiye anawatchulira asanu asanu. Zonse 58. Popeza tsoka la awiri osabwerawo ndi la tonse, anatero, yotsalayo tisonkherane.

"Ayi," ndinatero. "Tinapangana pakhonde panga kuti wolembetsa dzina mpando ndi wake. Ndipo amayiwa mwawawerengera ndi masamu anu akale aja amene tinawakana. Asanuwo ndi a msewu okha. Nanga awiri awiri obweretsa kombi? Kapena pa Ruwa inagwa kuchokera kumwamba? Iwowa ndi seveni seveni. Dola limodzi limodzi lotsalalo ndi la mipando imene inayenda yopanda anthu kuchoka kwanu kufika pa Ruwa, ndipo eni ake mukuwadziwa."

Mayi wamkulu wa pa Ruwa uja anadzidzimuka atamva kuti akutchulidwa.

"Koma ifetu paja tapereka..." anayamba.

Msuweni wanga anakhosomola. Mwina linali fumbi, kufamu kuja kuli fumbi lambiri. Mayiyo anayang'ana msuweni wanga, n'kuyang'ana alamu, kenako pansi.

"Asanu asanu," anamaliza motsitsa mawu. "Monga anenera."

Ndinafuna kumufunsanso. Mawu anali kale pamilomo. Koma mayi anga anali atakhala pampando wakutsogolo chitseko chili chotsegula, akumva zonse, maso akadali ofiira ndi misozi ya kumanda.

"Mlongo wanga sanapume n'komwe pansi pa mwala wakewo," anatero, osayang'ana aliyense. "Kodi ndi zingati? Ndipatseni kachikwama kanga."

Pamenepo alamu analumpha. Anati sizingatheke kuti amayi alipire, iwo ndi mkamwini, manyazi amenewo sangawasenze. Anapisa dzanja m'thumba la thalauza, thumba lomwe lija, n'kutulutsa madola asanu ndi limodzi ndendende, osafunafuna, n'kupatsa dalaivala. Anatero akundiyang'ana ine.

"Mwakhutira, alamu?"

Ndinkawerengera mumtima kuti amayi aja akanakhala kuti anapereka 8 aliyense, kuchotsapo asanu asanu, yotsala m'thumba ikanakhala yomweyo. Koma munthu wogulitsa mchenga sangalephere kukhala ndi madola asanu ndi limodzi akeake m'thumba. Zonse ziwiri zinali zotheka, ndipo mpaka lero sindidziwa choona.

Tinanyamuka kubwerera. Amayi a pa Ruwa anatsika mofulumira, osatsanzika bwino. Ku Caledonia alamu anazungulira mbali ya dalaivala, n'kulowetsa mutu pa zenera, nalankhulana motsitsa mawu. Ndinayesetsa kusuzumira, koma ndowa ndi mapoto zinanditchinga. Amuna anga amati ankangothokoza. Achimwene amati anaona manja akukumana, koma anthu akamatsanzikana manja amakumana.

Patapita mlungu msuweni wanga anandiimbira. Ndinkayesa kuti akufuna kupepesa, koma anali ndi mlandu wake. Anati ku Caledonia anthu akunena kuti ine ndinaumirira kusonkhanitsa ndekha ndalama za mbali yathu chifukwa ndinatchulira anansi anga awiri a ku Glen View amene tinakwera nawo mtengo wokwera, kuti ine ndi amuna anga tikwere ulere. Anati nanga n'chifukwa chiyani sindinafune kuti ndalamazo zidzere m'manja mwa munthu wina.

"Ukukhulupirira zimenezo?" ndinamufunsa.

"Nanga iwe za amuna anga ukukhulupirira chiyani?" anatero.

Foni idakali kukhutu, ndalama ya mufoni yake inatha.

Chaka chotsatira kunali ukwati wa mdzukulu wa amalume ku Marondera komweko. Pa gulu palibe anatchula za kombi imodzi. A ku Caledonia anatenga yawo ku Mabvuku. Ife tinalipo ochepa oti sitikanadzaza ina, ndiye ine ndi achimwene tinasonkherana kuchita hayala kagalimoto kakang'ono konyamula mayi, ndipo aliyense analipira ndalama yoposa kuwirikiza kawiri imene anapereka pa ulendo woyamba uja. Enawo anakwera mabasi. Ku ukwatiko alamu anabwera kudzagwada pamaso pa mayi, anawafunsa za mawondo, n'kuwabweretsera mbale ya nyama ndi manja awo. Ine anandipatsa moni wabwino ndithu. Msuweni wanga anakhala tebulo lina.